Mutu Wozolowereka kapena Watsopano: Zolembera Mphunzitsi Musanayambe Kafukufuku wa ku Kanyama

Aphunzitsi olemekezeka ndi inu ophunzira amene mukukonzekera kulemba disetesheni, ndifuna tikambirane za uthenga waufupi umene wophunzira amatumiza kwa mphunzitsi womuyang'anira pofotokoza mutu umene wasankha. Kawirikawiri wophunzirayo amakhala ali ndi mitu iwiri. Wina ndi wozolowereka, umene anzake ambiri analembapo kale ndipo njira yake ndi yodziwika. Wina ndi watsopano ndi waukulu, umene umam'sangalatsa koma sakudziwa ngati angaumalize. Ambiri amaganiza kuti apa akusankha pakati pa mantha ndi kulimba mtima, ndiye uthenga wawo umadzaza ndi mawu osonyeza changu kapena opepesa. Ine ndikuti uthengawo uyankhe mafunso ena. Uonetse mutu umene uli ndi funso losayankhidwa, ngati funsolo lingayankhike pa miyezi ndi ndalama zimene wophunzira ali nazo, komanso chimene chidzatsale m'manja mwake zinthu zikadzavuta pakati panjira. Ndifotokoza zimenezi ndi chitsanzo chimodzi, cha madzi ndi kolera m'makomboni a Lusaka.

Zina za nkhaniyi zikudziwika kale, ndipo wophunzira ayenera kuzidziwa chifukwa mutu sungatchedwe watsopano ngati woutchulayo sadziwa zakale. Kanyama inamangidwa pa thanthwe la miyala ya laimu ndi dolomaiti, yomwe ili ndi ming'alu ndi mphako zambiri, ndipo madzi apansi ali pafupi kwambiri ndi pamwamba. Mvula ikagwa, kuyambira Novembala mpaka Epulo, madzi amakwera, zimbudzi zokumba zimasefukira, ndipo zonyansa zimadutsa m'ming'alu ija mpaka kulowa m'zitsime zosazama popanda dothi lokwanira kuzisefa. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2017 unakula kwambiri m'makomboni a Chipata ndi Kanyama, ndipo pofika Meyi 2018 odwala m'dziko lonse anali pafupifupi 5,900, ambiri mwa iwo a mu Lusaka. Mu Januwale 2018 boma linaletsa malonda a m'misewu, linaika lamulo loti anthu a ku Kanyama asayende usiku, ndipo zitsime zambiri zosazama zinakwiriridwa. Mliri wa 2023 mpaka 2024 unaposa pamenepo. Odwala anapitirira 20,000, omwalira anapitirira 700, bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo masukulu anatsegulidwa mochedwa. Wophunzira amene akulemba za kolera lero ayenera kusonyeza m'uthenga wake kuti zonsezi wawerenga.

Tiyerekeze wophunzira wa digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu ku Ridgeway, pa Yunivesite ya Zambia, amene anakulira ku Kanyama ndipo ali ndi chaka chimodzi cha kafukufuku. Mutu wake wozolowereka ndi uja timaudziwa tonse, wofufuza zimene anthu amadziwa, amaganiza ndi kuchita popewa kolera. Njira yake ndi yodziwika. Amalemba mafunso, amafunsa mabanja 384, amalowetsa mayankho m'kompyuta, n'kutulutsa matebulo. Nambala ya 384 imaoneka m'madisetesheni ambiri chifukwa ndi imene imatuluka munthu akayerekeza kuti theka la anthu ali ndi khalidwe limene akufufuzalo, n'kulola kuphonya kwa 5 pa 100 ndi chitsimikizo cha 95 pa 100. Mutuwu uli ndi ubwino wake. Sufuna labotale, ungachitike mwezi uliwonse, ndipo oyesa mayeso amadziwa mmene angaupimire. Vuto lake ndi lakuti yankho limadziwika kafukufuku asanayambe. Anthu amene aona miliri iwiri ikuluikulu m'zaka zosakwana khumi amadziwa kuti kolera imabwera ndi madzi oipa. Mukafunsa mayi wa ku Kanyama ngati amathira kolorini m'madzi, adzavomera, mwina chifukwa amathiradi, mwinanso chifukwa akudziwa yankho limene munthu wonyamula pepala akuyembekezera. Pamapeto wophunzira amalemba kuti chidziwitso n'chambiri koma machitidwe ndi operewera, ndipo amalangiza kuti anthu aphunzitsidwe, ngakhale kuti chimene anthuwo akusowa ndi madzi abwino.

Mutu wake waukulu ndi wofuna kujambula mapu oonetsa mmene zonyansa za m'zimbudzi zimayendera pansi pa nthaka ya Kanyama yonse, n'kulosera malo amene kolera idzabukire. Funsoli ndi lofunika, ndipo mphunzitsi sayenera kulinyoza. Koma kuti liyankhike pafunika katswiri wa miyala ndi madzi apansi, zitsime zoyezera kukwera ndi kutsika kwa madzi, nyengo za mvula zingapo kuti chaka chimodzi chisanamize, komanso mndandanda wa odwala wosonyeza kumene aliyense amakhala. Mndandanda wotere ndi wachinsinsi, supezeka popanda chilolezo cha akuluakulu a zaumoyo, ndipo m'komboni momwe nyumba zambiri zilibe manambala omveka, kulozera pamapu pamene wodwala amakhala ndi ntchito ina yaikulu payokha. Pali chizindikiro chimodzi chosonyeza kuti mutu wamukulira wophunzira, ndipo n'chosavuta kuchiona. Mum'funse kuti tebulo loyamba la zotsatira lidzakhala ndi mizere iti ndi mitu iti. Akalephera kulijambula papepala, ngakhale lopanda manambala, ndiye kuti sanafike pa funso loyankhika. Chizindikiro china ndi kuchuluka kwa zinthu zimene zili m'manja mwa anthu ena. Ngati kafukufuku akudalira kuti ofesi ina ivomere, katswiri wina apezeke, ndiponso mvula igwe bwino, chimodzi chikalephereka chaka chonse chimatayika.

Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Wophunzira amene amafuna kugwira mitu yonse iwiri, mafunso a mabanja 384 pamodzi ndi mapu a madzi apansi, amathera pamenepo. Chimene ndikulimbikitsa n'chakuti atenge funso lochokera ku mutu waukulu uja, alichepetse kufikira litakwana m'chaka chimodzi, n'kuliyankha ndi njira yakale yodalirika. Pa chitsanzo chathu funsolo lingakhale lakuti, madzi amene banja la ku Kanyama limamwa amaipa pati, pampopi kapena pachitsime pamene atungidwa, kapena m'chigubu ndi m'ndowa akafika kunyumba, ndipo kodi yankho limasintha mvula ikayamba? Funsoli lili ndi mayankho awiri otheka, ndipo lililonse limaloza ntchito yake. Madzi akamaipira potungira, udindo uli kwa opereka madzi, monga Kanyama Water Trust ndi kampani ya madzi ya Lusaka, kuti awonjezere kolorini ndi kukonza mapaipi. Akamaipira m'nyumba, pafunika zotengera zapakamwa pang'ono ndi kolorini wokwanira kukhalitsa m'madzi osungidwa. Mutu wabwino umadziwika motero, kuti mwini wake sangaloseretu zotsatira, ndipo zotsatira zilizonse zimauza wina chochita.

Uthenga wopita kwa mphunzitsi umalimba ukakhala ndi masamu, ndipo masamu a mutu wochepetsedwawu ndi awa. Wophunzira asankhe zoni imodzi, atengemo mabanja 30, ndipo banja lililonse aliyendere katatu: mu Okutobala mvula isanagwe, mu Januwale ili pakati, ndi mu Epulo ikutha. Ulendo uliwonse atenge madzi awiri, ena pamalo pamene banjalo latunga tsikulo, ena m'chotengera chimene akumwera. Zoyeza zonse zikhala 180, ndipo akawonjezera mabotolo a madzi oyera oonera ngati zipangizo zake sizikuipitsa madzi, zifika pafupifupi 200. Chimene amafufuza ndi E. coli, kachilombo kosonyeza kuti m'madzimo mwalowa chimbudzi, ndipo muyezo wa bungwe la WHO ndi wakuti kasapezeke n'kamodzi komwe m'mamililita 100 a madzi akumwa. Madziwo amasefedwa pa kasefa kapadera, kasefako kamaikidwa motentha usiku wonse, ndipo mawa lake amawerenga timadontho ta tizilombo timene tamera. Pamalo pomwepo amayezanso kolorini wotsala m'madzi, amene sayenera kuchepera mamiligalamu 0.2 pa lita. Mabanja khumi patsiku ndi ntchito yotheka, choncho ulendo uliwonse umatenga masiku atatu. Mphunzitsi akaona manambala otere, amatha kufunsa mtengo wa choyeza chimodzi ku labotale n'kudziwa lero lomwe ngati ndalama zikwana.

Wophunzira afotokozenso zimene zingasokonekere, chifukwa mphunzitsi amazidziwa kale ndipo akufuna kuona ngati wophunzirayo waziona. Madzi oyeza tizilombo ayenera kuyenda mu ayezi ndi kufika ku labotale msanga, makamaka asanathe maola asanu ndi limodzi, apo ayi tizilombo timachuluka kapena kufa m'botolo, ndipo nambala imene imatuluka siikhalanso ya madzi a banja lija. Mu Januwale njira za ku Kanyama zimadzaza madzi, ndipo ulendo wochokera kumeneko kudutsa m'tauni ukhoza kudya theka la nthawiyo. Ngati madzi ali ndi kolorini, m'botolo muyenera kukhala mankhwala oletsa mphamvu yake, apo ayi kolorini amapitiriza kupha tizilombo panjira ndipo madzi oipa amaoneka abwino. Magetsi akazima usiku, monga anazimira maola ambiri m'chaka cha chilala cha 2024, chotenthetsera chimazizira ndipo ntchito ya tsikulo imawonongeka. Chizindikiro chakuti china chalakwika ndi botolo la madzi oyera lija. Likamera tizilombo, zotsatira zonse za tsikulo sizingakhulupiridwe. Chachikulu koposa ndi kalendala ya zilolezo. Kafukufuku wa zaumoyo ayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, monga UNZABREC, kenako ndi National Health Research Authority, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, ndipo pambuyo pake pali ofesi ya zaumoyo ya boma la Lusaka ndi atsogoleri a m'wodi. Chilolezo chikatuluka mu Disembala, ulendo wa Okutobala umakhala wapita kale ndipo subwerera mpaka chaka chinacho.

Choncho uthenga wa wophunzira wathu ukhoza kumveka motere. "Zikomo Adokotala. Ndaganizira mitu iwiri imene tinakambirana, ndipo ndikupempha malangizo anu ndisanayambe kulemba pulopozo. Mutu wa zimene anthu a ku Kanyama amadziwa pa kolera ndikhoza kuumaliza m'nthawi yake, koma nditawerenga madisetesheni a m'mbuyomu ndaona kuti ndidzabwereza zimene ena anapeza kale. Mutu wa mapu a madzi apansi ndausiya, chifukwa ukufuna nyengo za mvula zingapo ndi mndandanda wa odwala umene sindingaupeze chaka chino. Ndikupempha kuti ndifufuze ngati madzi amaipira potungira kapena m'nyumba, m'mabanja 30 a zoni imodzi, maulendo atatu, zoyeza pafupifupi 200. Kusefa madzi ndi kuwerenga tizilombo sindinaphunzire, choncho ndifunika masabata awiri a maphunziro ku labotale ndi mphunzitsi wachiwiri wodziwa zimenezi, ngati mungandilozere. Chilolezo chikapanda kutuluka pofika kumapeto kwa Seputembala, ndidzasiya kuyerekeza nyengo n'kuchita maulendo awiri okha m'nthawi ya mvula. Labotale ikalephereka, ndidzayeza kolorini wotsala yekha, potungira ndi m'nyumba, pamodzi ndi mafunso a kasungidwe ka madzi. Ngati mukuona kuti ndaphonya penapake, ndili wokonzeka kusintha." Uthengawu ukusonyeza ulemu potchula zimene wophunzira sadziwa ndi kusiyira mphunzitsi mpata wowongola, pomwe ntchito yoganiza ndi kusankha waichita yekha.

Pali zimene ena anganene potsutsa, ndipo ndi zomveka. Choyamba n'chakuti ophunzira ambiri amadzilipirira okha, amagwira ntchito masana, ndipo semesita iliyonse yowonjezera ndi ndalama zochoka pakamwa pa ana. Kodi si nkhanza kuwakankhira ku labotale pomwe mafunso a papepala angawapatse digiri yomweyo? Yankho langa n'lakuti chifukwa chimenechi ndicho chimachititsa kuti masamu aja akhale ofunika. Mabanja 30 oyenderedwa katatu ndi maulendo 90 a pakhomo, pomwe mutu wozolowereka umafuna makomo 384, ndipo kawirikawiri pamafunika kulipira othandiza kufunsa. Mutu wotchuka kuti ndi wosavuta nthawi zina ndiwo wodya nsapato ndi ndalama zambiri. Komanso njira yobwererapo ikalembedwa ndi tsiku lake, wophunzira sangataye chaka chonse. Amene amachedwa kwambiri ndi uja amene anayamba mutu waukulu popanda tsiku loti pofika apa ndichepetsa, chifukwa mwezi uliwonse amaona ngati mawa zitheka.

Chachiwiri n'chakuti mabanja 30 sangaimire Kanyama yonse, ndipo oyesa mayeso adzafunsa zimenezi. N'zoona kuti sangaimire, ndipo wophunzira asanene kuti akuimira. Sakufunsa kuti ndi mabanja angati pa 100 alionse amene amamwa madzi oipa. Akuyerekeza madzi omwewo pamalo awiri, m'banja lomwelo, tsiku lomwelo, ndipo kuyerekeza kotere kumaonetsa kusiyana ndi mabanja ochepa chifukwa banja lililonse limadziyerekeza lokha. Komabe nambala ya 30 asangoitchula chabe. Aikambirane ndi wodziwa masamu a kafukufuku, ndipo ikafunika kukwera, achepetse maulendo. Aulule malire ake poyera: zoni imodzi, nyengo imodzi ya mvula, ndiponso kuti E. coli si kachilombo ka kolera, amangosonyeza njira imene kolera ingadzere. Disetesheni yodziwa malire ake imalimba pamaso pa oyesa kuposa yolonjeza mzinda wonse.

Chachitatu chimachokera mbali ina. Ena amati kuchepetsa mutu n'kupha mtima wa wophunzira waluso, ndipo yunivesite imene imangophunzitsa kusamala sidzatulutsa nzeru zatsopano. Mbiri ya kafukufuku wa m'makomboni omwewa ikusonyeza zina. Karen Tranberg Hansen anayamba kufufuza ku Mtendere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anabwererako mobwerezabwereza, ndipo buku lake la moyo wa m'mabanja a kumeneko linatuluka mu 1997. Ann Schlyter anatsatira nyumba ndi mabanja a ku George kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kudutsa nthawi ya ntchito yotukula makomboni imene Banki ya Dziko Lonse inathandizira kuyambira 1974, mpaka zaka makumi angapo pambuyo pake. Zimene timadziwa mozama za makomboni zinachokera kwa anthu amene anagwira malo amodzi ndi kubwererako ndi funso lakuthwa ulendo uliwonse. Wophunzira amene wamaliza mabanja 30 mosamala amakhala ndi luso la labotale, chikhulupiriro cha anthu a m'zoni imeneyo, ndi manambala oonetsa kwa opereka thandizo akadzafuna kuchita mapu aja pa digiri yaudokotala.

Sindikunena kuti mutu wozolowereka ndi wolakwika nthawi zonse. Ngati wophunzira apeza kafukufuku wodalirika wochitika ku Chawama kapena ku Matero mliri wa 2023 usanabwere, n'kubwereza mafunso omwewo m'dera lomwelo kuti aone chimene chasintha, kubwerezako kuli ndi funso lenileni. Ngatinso kalendala yake ikuyamba mu Epulo n'kutha mu Seputembala, mvula saiona, ndipo kukakamira mutu wodalira nyengo n'kudzinamiza. Zikatero alembere mphunzitsi mosabisa kuti wasankha wozolowereka, atchule kafukufuku amene akumubwereza, ndi chifukwa chake yankho la lero lingasiyane ndi la kale. Chimene sichiyenera kuloledwa n'kusintha dzina la komboni kokha, Kanyama kukhala George, George kukhala Kalingalinga, mafunso ali omwewo, popanda chifukwa choganizira kuti malo atsopanowo aphunzitsa china.

Palinso nkhani ya kuzolowera malo. Wophunzira wokulira m'komboni amadziwa nthawi imene pampopi pamatsegulidwa, amadziwa kuti banja limodzi limatunga madzi akumwa kwina ndi ochapira kwina, ndipo amalankhula Chinyanja chimene amayi a pakhomo amamasuka nacho. Mlendo angathe miyezi asanadziwe zimenezi. Koma kuzolowera komweko kungam'chititse kusankha makomo a anthu owadziwa, kapena kulemba zimene akudziwa kale m'malo mwa zimene waona. Choncho afotokozere mphunzitsi mmene adzasankhire mabanja mosakondera, mwachitsanzo potenga khomo lachisanu lililonse kuchokera pamalo osankhidwa mwamaere. Afotokozenso chimene adzachite akapeza madzi a banja lina ali oipa kwambiri. Banjalo lili ndi ana amene akumwa madziwo lero, ndipo silingadikire kuti disetesheni isindikizidwe. Liyenera kuuzidwa msanga, mwaulemu ndi mwachinsinsi, ndipo ngati vuto lili potungira, ogwira ntchito za umoyo wa m'dera adziwitsidwe.

Kwa inu aphunzitsi, pempho langa n'lakuti mukalandira uthenga wa mitu iwiri musafulumire kusankhira wophunzira umene ndi wopepuka kuuyang'anira. Mum'bwezere mafunso atatu aja, akuti chosadziwika n'chiyani, chingayankhike bwanji pa miyezi imene ilipo, ndipo chidzatsale n'chiyani zikavuta. Kwa inu ophunzira, musatumize uthengawo musanajambule tebulo lanu loyamba, musanaike masiku a zilolezo pa kalendala ya mvula, ndiponso musanalembe tsiku limene mudzachepetse mutu ngati zinthu sizikuyenda. Amayi a ku Kanyama adzakupatsani nthawi yawo pamene akanakhala pamsika, ndi madzi amene agula ndi ndalama zawo. Mutu umene muwatengere ukhale woti, kaya zotsatira zikhale zotani, wina adzadziwe pamene ayenera kukonza kuti madzi a banjalo akhale abwino kumwa.